Liwu la Chitheki liwerengereni kumchira

Tiyerekeze kuti mnzanu wa ku Istanbul, m'dziko la Theki, wamva mphekesera yoti ukwati wa mwana wake simufikako. Akukulemberani uthenga wa liwu limodzi lokha: gelemeyecekmişsiniz. Zilembo zake ndi 19 ndipo palibe mpata pakati. Tanthauzo lake ndi lakuti "ndamva kuti simudzatha kubwera". M'liwu limenelo muli wochita, muli nthawi, muli kulephera, mulinso chizindikiro choti wolankhulayo sanadzionere yekha koma wangomva kwa ena.

Anthu amene chilankhulo chawo chimamwaza mawu ang'onoang'ono m'chiganizo amadabwa kwambiri akaona zotere. Ife a Chichewa sitiyenera kudabwa, chifukwa timachita zomwezo m'mawa uliwonse. Liwu lakuti sindidzakuphikiraninso ndi chiganizo chathunthu: si- akukana, -ndi- ndi ine, -dza- ndi m'tsogolo, -ku- ndi amene ndikulankhula naye, -phik- ndiye tsinde, -ir- akuti ndikuchitira wina, -ni akuonetsa ulemu kapena kuti ndi ambiri, ndipo -nso akuti kachiwiri. Kusiyana kwake n'kwakuti ife katundu wambiri timamuika kumutu kwa tsinde, wotsalayo kumchira. Chitheki sichiika kanthu kumutu. Tsinde limayamba, kenako zonse zimamangidwa pambuyo pake ngati mabogi a sitima. N'chifukwa chake amene akufuna kumva liwu lalitali la Chitheki m'maganizo a Chichewa amapindula akaliwerenga kuyambira kumchira n'kumabwerera.

Tisanalowe m'kati, nazi zilembo zochepa zoti lilime lisapunthwe. Chitheki chakhala chikulembedwa ndi zilembo za Chilatini kuyambira mu 1928, pamene boma la Mustafa Kemal Atatürk linasiya zilembo za Chiarabu. Lembo la ç limatchulidwa ngati ch wathu, ş ngati sh, ndipo c ngati j. Lembo la ğ silimveka palokha kwenikweni, limangokoka liwu limene lili patsogolo pake. Palinso ı wopanda kadontho, amene ndi lembo lina kotheratu ndi i. Mawu ake ife tilibe. Yesani kutchula u koma milomo osaisongola, mwayandikira.

Dzina ndi pamene zinthu zimaoneka msanga. Nyumba ndi ev. Nyumba zambiri ndi evler. Nyumba zathu ndi evlerimiz. Kuchokera kunyumba zathu ndi evlerimizden. Mphatikira iliyonse ili ndi ntchito imodzi, ndipo mutha kuidula ndi mpeni osawononga inzake: -ler ndi kuchuluka, -imiz ndi "zathu", -den ndi "kuchokera ku". Ndondomeko yake sisintha. Kuchuluka kumayamba, mwiniwake amatsatira, malo amatsiriza. Mukasinthanitsa n'kunena kuti evdenler pofuna kunena "kuchokera kunyumba zambiri" mwalakwa, monga mmene mwana angalakwire atanena kuti "ndisidza" m'malo mwa "sindidza". Ndipo taonani pamene pakhala -den. Ife "kuchokera ku" timayamba naye, iwo amatsiriza naye.

Tsopano tibwerere ku uthenga wa ukwati uja, tiumasule mfundo imodziimodzi.

Tsinde ndi gel-, kubwera. M'buku lomasulira mawu mumalipeza lili gelmek, chifukwa -mek kapena -mak amagwira ntchito imene ku- amagwira mu "kubwera". Mukangonena kuti gel, mwalamula munthu kuti "bwera". Pa tsindepo pabwera -eme-, amene amatanthauza kusatha kapena kulephera. Iyeyu ndi tizidutswa tiwiri togwirana: -e- wa kutha ndi -me- wa kukana. Kenako pabwera -ecek wa m'tsogolo. Koma -eme- wathera ndi lembo laliwu, -ecek akuyambanso ndi lembo laliwu, ndipo Chitheki sichikonda kuti awiri otere agundane, choncho pakati pamalowa y ngati mphira wa pakati pa zitsulo. Tafika pa gelemeyecek, "sadzatha kubwera". Limeneli ndi chiganizo kale, chifukwa munthu wachitatu, amene ife timamuonetsa ndi a-, m'Chitheki alibe mphatikira. Kumchira kukakhala kopanda kanthu, ndiye kuti akunena za iye. Pamwamba pake pakubwera -miş, ndipo pomaliza -siniz, "inu". Monga m'Chichewa, "inu" ameneyu amagwira anthu ambiri komanso munthu mmodzi amene ukumulemekeza.

Werengani chobwerera: inu, akuti, m'tsogolo, kulephera, kubwera. Palibe chimene chasowa.

Mphatikira ya -miş ndiyofunika kuimapo, chifukwa ndi imene alendo ambiri amaiphonya. Munthu wa ku Theki akafuna kunena kuti wina anabwera, ayenera kusankha. Geldi akutanthauza kuti anabwera ndipo ine ndikudziwa, ndinaona kapena ndikutsimikiza. Gelmiş akutanthauza kuti anabwera koma ine ndangomva, kapena ndazindikira pambuyo pake nditaona nsapato zake pakhomo. Ife timanena kuti "akuti wabwera" kapena "kani wabwera!", ndipo "akuti" ndi "kani" titha kuwasiya popanda wotifunsa. Iwo alibe mwayi umenewo, chifukwa kusankhako kuli m'kati mwa mneni. Nthano zawo zimayamba ndi bir varmış, bir yokmuş, ngati kunena kuti "akuti kunali, akuti kunalibe", pamalo pamene ife timati padangokhala. Miseche nayo imayenda pa -miş. Mlendo amene akugwiritsa ntchito -di pa nkhani imene anangomva amamveka ngati mboni yoona ndi maso, ndipo pa nkhani zina zimenezi zitha kumuika m'madzi.

Malo amene kachidutswa kakhala ndiwo amapereka tanthauzo, ndipo apa mpamene munthu amaona kuti mchirawu si mulu wongounjika. Tengani mawu atatu awa. Gelemem ndi "sindingathe kubwera", chitseko chatsekedwa. Gelmeyebilirim ndi "mwina sindibwera": kukana, -me-, kwakhala pafupi ndi tsinde, ndipo -yebil- wa kutheka wabwera pamwamba pake, ndiye chimene chikutheka ndi kusabwerako. Gelemeyebilirim wawonjezera e mmodzi yekha pambuyo pa tsinde, koma tsopano akuti "mwina ndilephera kubwera". Woyamba wakana, wachiwiri akusunga ufulu wake, wachitatu akupepeseratu. Mphatikira iliyonse imakuta zonse zimene zabwera isanafike, ngati mmene chitenje chakunja chimakutira zovala zonse za m'kati. Ndiye chifukwa chake ya kumapeto ndi imene imakuuzani kuti liwu lonselo ndi chiyani.

Pali malo ena pamene Chitheki ndi Chichewa zimayenda mwendo umodzi mpaka munthu kuseka. Misintho ya mneni, imene ife timaiika kumchira kwa tsinde, iwonso ali nayo. Gör- ndi "ona". Görüş- ndi "onana". Görüştür- ndi "onanitsa", kukumanitsa anthu awiri. Görüştürül- ndi "onanitsidwa". Kuchitirana, kuchititsa, kuchitidwa, mundondomeko yomweyo. Ndipo anthu akamasiyana mumsewu ku Ankara amati görüşürüz, amene ndi "tionana" weniweni. Zilankhulo ziwirizi si zapachibale ayi. Zangopezeka kuti zinamanga nyumba mofanana.

Mwina mwaona kale kuti mphatikira za kuchititsa ndi kuchitidwa zatuluka ndi ü, pamene mu liwu la ukwati lija munali e ndi i okhaokha. Chimenechi ndi chimene chimagwirizanitsa liwu lalitali kuti lisamveke ngati zigamba. Chitheki chili ndi malembo aliwu asanu ndi atatu. Anayi amatchulidwa lilime lili kutsogolo kwa kamwa: e, i, ö, ü. Anayi ena lilime lili kumbuyo: a, ı, o, u. Mphatikira ilibe lembo laliwu lakelake lokhazikika. Imayang'ana lembo laliwu lomaliza limene yalipeza n'kutengera. Mphatikira zina zili ndi nkhope ziwiri, e kapena a: evler, nyumba, koma kitaplar, mabuku. Zina zili ndi nkhope zinayi, i, ı, u kapena ü, chifukwa zimayang'ananso ngati milomo yasongoka: evim ndi nyumba yanga, kızım mwana wanga wamkazi, okulum sukulu yanga, gözüm diso langa. Mphatikira ndi imodzi, yangovala malaya anayi.

Ifenso tili nako kutengera kumeneku, ngakhale ambiri sitikuzindikira. Timati phikira, gulira, lembera, gonera. Timati phikitsa koma gonetsa. Tsinde likakhala ndi e kapena o, msintho umatenga e; likakhala ndi a, i kapena u, umatenga i. Palibe mwana wa ku Dedza amene anaphunzitsidwa lamuloli asanalowe sukulu, koma simudzamumva akuti "gonira". Mwana wa ku Izmir naye sanganene kuti evlar. Kusiyana n'kwakuti kwa ife kutengeraku kumathera pa misintho, pamene kwa iwo kumayenda mpaka kumapeto kwa liwu, mphatikira iliyonse kupatsira inzake.

Malembo opanda liwu nawo amasintha pamfundo. Mphatikira yoyamba ndi d imasanduka t ikatsatira f, s, t, k, ç, ş, h kapena p. Ana asukulu kumeneko amaloweza malembo amenewa ndi mawu oti fıstıkçı Şahap, "Şahap wogulitsa mtedza", chifukwa onse asanu ndi atatu ali mmenemo. Choncho evde ndi "m'nyumba" koma kitapta ndi "m'buku". Kusintha kwina kumabwerera m'mbuyo: mphatikira yoyamba ndi lembo laliwu imafewetsa lembo lomaliza la mawu ambiri. Kitap amakhala kitabım, buku langa. Gelecek, adzabwera, amakhala geleceğim, ndidzabwera. Wophunzira amene akufufuza kitab m'buku lomasulira mawu salipeza, ayenera kudziwa kuti b ameneyo anali p.

Tsopano tingathe kugwira njovu. Pali liwu limene anthu a ku Theki amakonda kuonetsera alendo, la zilembo 44:

Çekoslovakyalılaştıramadıklarımızdanmışsınız

Dziko la Chekosilovakiya linagawanika pa 1 Januwale 1993, koma liwuli likadali moyo. Tsinde ndi dzina la dzikolo, Çekoslovakya. Pambuyo pake pali mphatikira khumi. Yoyamba, -lı, imatanthauza "wa ku", choncho Çekoslovakyalı ndi munthu wa kumeneko. Yachiwiri, -laş, imatenga dzina n'kulisandutsa mneni wotanthauza "kusanduka": kusanduka munthu wa ku Chekosilovakiya. Yachitatu, -tır, ndi msintho wochititsa uja tinauona mu görüştür-, ndipo d wake wakhala t chifukwa cha ş: kusandutsa. Yachinayi, -ama, ndi -eme wa mu uthenga wa ukwati atavala malaya a kumbuyo kwa kamwa: kulephera kusandutsa.

Apa pali msampha. Chotsatira ndi -dık, ndipo mukaima pomwepo muli ndi Çekoslovakyalılaştıramadık, chiganizo chabwinobwino chotanthauza "tinalephera kumusandutsa wa ku Chekosilovakiya". Mmenemo -dı ndi nthawi yakale ndipo -k ndi "ife". Koma liwu lathu silinaime, lapitirira ndi -lar kenako -ımız, ndipo zimenezi zikuulula kuti -dık ameneyu ndi wina. Ndi mphatikira imodzi imene imabweza mneni kukhala dzina, ntchito imene ife timaigwira ndi "amene". Zilembo n'zofanana ndendende. Chokuuzani kuti ndi uti ndi chimene chikubwera pambuyo pake basi. Akakhala -dık wa "amene", -lar akuti ndi ambiri, ndipo -ımız, amene pa dzina wamba ndi "athu", pano akuonetsa amene analephera, ndiye ife. Chitheki chimanena ngati kuti "olephera-kusandutsidwa athu". Onaninso kuti k wakhalabe k chifukwa chotsatira ndi l. Tikanachotsa -lar n'kunena za munthu mmodzi, akanafewa kukhala -dığımız.

Zotsala n'zodziwika kale. -dan ndi -den wa mu evlerimizden, ndipo pano akutanthauza "mmodzi mwa". -mış ndi "akuti". -sınız ndi "inu". Mwina mukufunsa kuti nanga mneni wa chiganizochi ali kuti, popeza mneni uja tamubweza kukhala dzina. Yankho ndi limene limachititsa kuti ngakhale dzina likhale chiganizo. Chitheki sichifuna liwu lapadera la "ndine" kapena "ndinu". Mphatikira ya munthu ikamatidwa pa dzina, yakwana. Öğretmen ndi mphunzitsi, öğretmensiniz ndi "ndinu aphunzitsi". Evdeyim ndi "ndili m'nyumba".

Ndiye yambirani kumchira: inu ndinu, akuti, mmodzi mwa, ife, iwo, amene, kulephera, kuchititsa, kusanduka, wa ku, Chekosilovakiya. Mukangowongola pang'ono mupeza kuti "akuti inu ndinu mmodzi mwa amene ife tinalephera kuwasandutsa anthu a ku Chekosilovakiya". Ndondomeko ya Chichewa yatuluka pafupifupi yokha.

Njira yabwino yoyesera ngati mwamvetsa ndiyo kusintha tsinde. Dzina la dziko lathu iwo amalilemba Malavi. Lembo laliwu lomaliza ndi i, wa kutsogolo, choncho ngakhale m'dzinamo muli a awiri, mchira wonse utembenuka: Malavilileştiremediklerimizdenmişsiniz. Mphatikira ndi khumi zomwe zija, pamalo omwe aja. Pamene panali a pali e, pamene panali ı pali i. Kadontho kamodzi kamene kali kumapeto kwa tsinde kalamulira zonse mpaka kumchira.

Ndinene chilungamo, mawu otere ndi amasewera, ngati mmene ife tingapangire "sindikanadzakuphikitsiraninso" kuti tidabwitse mlendo. Galamala ikulola, koma palibe amene amagula buledi ndi liwu la zilembo 44. A tsiku ndi tsiku ndi a msinkhu wa gelemeyecekmişsiniz kapena ocheperapo, tsinde ndi mphatikira ziwiri, zitatu, zinayi. Phindu la liwu lalitali lija n'lakuti limaonetsa kuti mawu atha kuchoka pa dzina kupita pa mneni n'kubwereranso pa dzina, ndipo akabwerera amatseguliranso mzere wonse wa mphatikira za dzina. M'menemo ndi mmene muli chinsinsi cha kutalika.

Makinawa sayenda mosalala paliponse. Mawu ena obwereka ku Chiarabu amakana kutengera kuja: saat, ola kapena wotchi, amachulukitsidwa kukhala saatler, osati saatlar. Mphatikira ya zochitika tsopano, -yor, sisintha o wake ngakhale tsinde likhale lotani, ndipo zobwera pambuyo pake zimayamba kutengera iyeyo: geliyorum, ndikubwera. Mawu enanso a Chitheki chenicheni, monga anne, mayi, ndi elma, apozi, amasakaniza malembo a kutsogolo ndi a kumbuyo m'tsinde momwemo. Pamenepo lamulo ndi lomwe lija la Malavi, yang'anani lomaliza: anneler, elmalar.

Vuto lina ndi la mphatikira zofanana nkhope, ngati -dık uja. Evleri atha kukhala "nyumba zake", "nyumba yawo", "nyumba zawo", kapena "nyumbazo" zikakhala zochitiridwa m'chiganizo. Liwu palokha silingakuuzeni, muyenera kuona oyandikana nalo. Nthawi zina khutu ndi limene limathandiza. Mawu ambiri a Chitheki amatsindikidwa pa phatikizo lomaliza, koma -me wa kukana amakankhira kutsindikako pa phatikizo limene lili patsogolo pake. Gelme wotsindika pa gel ndi "usabwere". Gelme wotsindika pa me ndi "kubwera", dzina la ntchitoyo. Papepala n'chimodzimodzi, monga mmene ife timalembera mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika mofanana n'kusiya kamvekedwe kuti kasiyanitse.

Funso loti liwu limathera pati nalonso limadalira pang'ono malamulo a kalembedwe, amene bungwe la Türk Dil Kurumu, lokhazikitsidwa mu 1932, limayang'anira. Kachidutswa kofunsira, mi, kamatengera lembo laliwu ngati mphatikira ina iliyonse, koma kamalembedwa padera, ndipo kamanyamula "inu" n'kupita naye: gelemeyecek misiniz? "Kodi simudzatha kubwera?" N'chifukwa chake mtundu wina wotchuka wa liwu la Chekosilovakiya, wothera ndi mısınız wofunsa, ukalembedwa molondola umakhala mawu awiri, ndipo wofuna kupikisana pa kutalika amasankha wa -mış. Palinso de wotanthauza "-nso", amene amalembedwa padera, pomwe -de wa malo amamatidwa. Evde ndi "m'nyumba", ev de ndi "nyumbanso". Eni chilankhulo amalakwitsa zimenezi kawirikawiri polemba mauthenga, ndipo aphunzitsi awo amawapatsa kayesedwe kophweka. Chotsani de m'chiganizomo. Chikakhalabe chomveka, anali "-nso" ndipo alembedwe padera. Chikagwa, anali wa malo ndipo amatidwe.